Kuchokera ku WNLA kufika ku Wenela: momwe pakamwa pamasankhira katchulidwe ka zidule

Ukafika mu Blantyre n'kufunsa komwe ungakwere basi yopita kutali, ambiri angokuuza kuti pita ku Wenela. Dzinali limaterera bwino pa lilime, moti mlendo akhoza kuganiza kuti ndi dzina la mfumu ina yakale kapena la kamtsinje ka m'deralo. Komatu chiyambi chake ndi malembo anayi ouma gwa: WNLA. Malembowa ankaimira Witwatersrand Native Labour Association, bungwe la eni migodi ya golide ku Joni lomwe linkalemba anthu ntchito m'maiko athu ano kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Azigogo athu ambiri anadutsa pa maofesi ake popita ku migodi, mpaka mu 1974 pomwe ndege ya bungweli inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha anthu oposa 70, ambiri mwa iwo Amalawi obwerera kwawo, ndipo boma la Kamuzu Banda linaimitsa kalemberayo.

Tayesani kutchula malembo anayiwo limodzilimodzi monga tinaphunzirira ku sukulu: dabuliyu, eni, elo, eyi. Mukawerenga maphatikizo ake apezeka khumi. Munthu amene akuuza mkazi wake komwe akupita, kapena amene akufunsa njira kwa mnzake pa siteshoni, sangamavutike ndi maphatikizo khumi tsiku ndi tsiku. Tsono anthu anatenga W, N ndi L, n'kuika e pakati pawo, A wa kumapetoyo n'kumusiya momwemo. Panatuluka We-ne-la, maphatikizo atatu okha, lililonse lothera pa lembo la liwu monga mawu athu onse amachitira. Palibe komiti yomwe inakhala pansi kuti ikonze dzinali mokomera ife. Linaumbidwa m'kamwa mwa anthu omwe ankalifuna.

Nkhani ya Wenela ikutipatsa poyambira pa funso lomwe ambiri timalidutsa osalilabadira. N'chifukwa chiyani timati Esikomu, Adimaki, Manebu, koma tikafika pa MBC, MRA kapena MSCE timatchula lembo lililonse palokha? Onsewa ndi maina aatali omwe anadulidwa, onse amalembedwa ndi malembo akuluakulu, koma pakamwa pamawalandira mosiyana.

Akatswiri a ziyankhulo ali ndi maina awiri a mitundu iwiriyi. Chidule chomwe chapangidwa ndi malembo oyambirira a mawu angapo, ndipo chimatchulidwa ngati mawu amodzi, amachitcha akironimu. Dzinali linachokera ku mawu awiri a Chigiriki, ena otanthauza nsonga, ena otanthauza dzina, ndiye kuti dzina lomangidwa ndi nsonga za mawu. ESCOM, MANEB, UNICEF ndi FIFA ndi maakironimu. Chidule chomwe chapangidwa m'njira yomweyo koma chimawerengedwa lembo ndi lembo amachitcha inishiyalizimu, kuchokera ku mawu omwe aja timamva pa fomu ya ku banki akatiuza kuti tilembe mainishiyo athu, kutanthauza malembo oyamba a maina athu. MBC, MCP, UDF, ACB ndi CCAP ndi mainishiyalizimu. Anthu ambiri, ngakhalenso mabuku ena otanthauzira mawu, amagwiritsa ntchito dzina loti akironimu pa mitundu yonse iwiri, ndipo sindiwaona ngati olakwa kwenikweni. Koma kusiyanitsa kuli ndi phindu lake, chifukwa kumatikumbutsa kuti kusiyana kwa ziwirizi sikuli pa pepala. Kuli m'khutu. Chidule sungachidziwe kuti ndi cha mtundu uti pokhapokha utamva eni ake akuchitchula.

Chinthu choyamba chomwe chimagamula ndi chapafupi: kodi malembowo angapange maphatikizo? Phatikizo limafuna lembo la liwu, a, e, i, o kapena u, kuti liimirire. Mu MBC mulibe ngakhale limodzi, chimodzimodzi mu DPP, TNM, NRB ndi CDSS. Lilime lilibe pogwira, ndiye timabwereka maina a malembowo, omwe ali kale ndi liwu mkati mwake: emu, bi, si. Koma kungokhala ndi lembo la liwu sikokwanira, pafunikanso kuti likhale pamalo oyenera. MSCE ili ndi E, koma ali kumapeto, kutsogolo kwake kwaunjikana M, S ndi C omwe sangatuluke m'kamwa nthawi imodzi. UDF, UTM ndi ACB zili ndi lembo la liwu koyambirira, kenaka malembo awiri opanda liwu omwe sagwirizana, ndiye nazonso zimawerengedwa lembo ndi lembo. Pomwe zinthu zimayenda bwino ndi pamene lembo la liwu lakhala pakati, lopanda liwu uku ndi uku. N'chifukwa chake bungwe loyendetsa zisankho la MEC timaliti Meki, la mpira la FAM timaliti Famu, ndipo kakhadi ka mu foni ka SIM ndi nambala yachinsinsi ya PIN zinasanduka simu ndi pini popanda wina kutiphunzitsa.

Pali kanthu kena kokondweretsa pamenepa. Chomwe chili chotheka kutchula chimadalira chiyankhulo chomwe munthu anayamwira. Mzungu akaona MZUNI amakakamira, chifukwa ku Chingerezi kulibe mawu oyamba ndi m wotsatana ndi z. Ife sitiona vuto, popeza Mzuzu ndi Mzimba timazitchula kuyambira tili ana, ndipo mzimu ndi mzere ndi mawu a tsiku lililonse. Mbali inayi, Mngerezi amatha kutseka mawu ndi lembo lopanda liwu, pomwe ife sititero. Phatikizo la Chichewa limathera pa liwu nthawi zonse. Ndiye chidule chilichonse chikalowa m'kamwa mwathu chimalipira msonkho wa lembo la liwu: MANEB imatuluka Manebu, MASAF imatuluka Masafu, ndipo ADMARC imalandira i awiri, mmodzi wolekanitsa d ndi m, wina wotsekera kumapeto, n'kukhala Adimaki.

Chinthu chachiwiri ndi chakuti omwe amapereka maina nthawi zambiri amachita kufuna kuti dzinalo litchulike, ndipo amapotoza malamulo kuti zitheke. ADMARC yomweyi ndi chitsanzo chabwino kuposa zonse. Bungweli linakhazikitsidwa mu 1971 kulowa m'malo mwa Farmers Marketing Board, ndipo dzina lake lonse ndi Agricultural Development and Marketing Corporation. Mukatenga lembo loyamba la mawu aakulu okhaokha mupeza ADMC, chidule chomwe tikanamachitchula kuti eyi-di-emu-si. Omwe anaumba dzinali anatenga malembo atatu, MAR, pa mawu achitatuwo m'malo mwa limodzi, ndipo A wa pakatiyo ndiye anapatsa dzinalo phatikizo lachiwiri. Zotsatira zake n'zakuti mlimi wa ku Mchinji kapena ku Nsanje yemwe sanapondeko m'kalasi amanena kuti ndikukagula chimanga ku Adimaki, ndipo sasowa kudziwa kuti dzinalo linali la mawu asanu a Chingerezi.

ESCOM inadutsa njira ina. Dzina lake ndi Electricity Supply Corporation of Malawi, ndipo kale mawu achitatuwo anali Commission. Kawirikawiri timawu ting'onoting'ono tolumikizira timasiyidwa popanga chidule, koma pano kamawu ka pakati pa Corporation ndi Malawi kanasungidwa chifukwa kanabweretsa O. Popanda iko tikanakhala ndi ESCM. Onani kusiyana kwake ndi MUBAS, sukulu ya ukachenjede yomwe kale inali Polytechnic: mu Malawi University of Business and Applied Sciences muli timawu tiwiri tolumikizira, ndipo tonse tinatayidwa chifukwa MUBAS inali itamveka kale bwino popanda ito. Ndiye kuti kamawu kakang'ono kamalowa kapena kutuluka malinga ndi zomwe khutu likufuna. Chipani cha AFORD, chomwe Chakufwa Chihana anatsogolera m'nyengo yomenyera zipani zambiri, chinapita patali kuposa apa: pa Alliance for Democracy anatenga A ndi D, koma kamawu ka pakatiko anakameza konse, malembo onse atatu. N'chifukwa chake pakati pa zipani zikuluzikulu zomwe zinapikisana mu 1994, MCP ndi UDF zinkatchulidwa lembo ndi lembo, pomwe Afodi inkamveka ngati dzina la munthu. Bungwe lomwe linalowa m'malo mwa Wenela mu 1977 nalonso linaphunzirapo kanthu. The Employment Bureau of Africa linasunga ngakhale T wa kamawu koyambako, komwe pafupifupi aliyense amakasiya, kuti dzina lituluke TEBA. Kumudzi mpaka lero akuluakulu amakamba za masiku a ku Theba.

Anzathu a ku Mozambique anasankha kutenga maphatikizo athunthu m'malo mwa malembo. Frelimo ndi Fre, li ndi mo kuchokera ku maina atatu a Chipwitikizi, ndipo Renamo inapangidwa chimodzimodzi. Dzina la Soweto, komwe abale athu ambiri anakhalako, linapangidwa ndi malembo awiriawiri a South Western Townships. Akatswiri ena amati maina otere ali ndi gulu lawolawo, ena amangowaika pamodzi ndi maakironimu. Kwa ife chofunika n'chakuti cholinga chake n'chimodzi: dzina loti munthu angalifuule pa msonkhano kapena kuliimba.

Pomwe cholingachi chinanenedwa poyera ndi pa matenda omwe anatseka sukulu ndi malire mu 2020. M'masabata oyamba akatswiri ankagwiritsa ntchito dzina loti 2019-nCoV, lomwe ngakhale owerenga nkhani pa wailesi ankapunthwa nalo. Pa 11 February 2020 bungwe la WHO linalengeza dzina la COVID-19, ndipo mkulu wake, Tedros Adhanom Ghebreyesus, anafotokoza kuti ankafuna dzina losaloza dziko, nyama kapena mtundu wa anthu, komanso lotheka kutchula. Anatenga CO ndi VI pa dzina la kachilomboko, D pa mawu otanthauza matenda, ndi 19 wa chaka chomwe matendawa anayamba. Posakhalitsa, Kovidi anali m'kamwa mwa aliyense.

Mpaka pano zikuoneka ngati lamulo ndi limodzi: chotheka kutchula chimakhala akironimu, chosatheka chimakhala inishiyalizimu. Zikanakhala choncho nkhaniyi ikanathera pomwepa. Koma bungwe lomwe langotchulidwali likuphwanya lamuloli. Malembo a WHO akaikidwa pamodzi ndi mawu enieni a Chingerezi, omveka hu, omwe amatanthauza kuti ndani. Ndi phatikizo limodzi lokha, pomwe kutchula lembo ndi lembo kumayamba ndi dabuliyu wautali uja. Komabe pafupifupi aliyense amasankha njira yaitaliyo, chifukwa ukanena kuti hu wachenjeza za kolera, womvera aganiza kuti ukumufunsa funso. US nayonso ikanamveka ngati mawu a Chingerezi otanthauza ife. Apa ndiye pali chinthu chachitatu: anthu amapewa katchulidwe komwe kangasokoneze kapena kupeputsa dzinalo. Koma pomwe kufanana ndi mawu enieni kukukometsera, eni ake amakulandira ndi manja awiri. Bungwe lophunzitsa anthu za ufulu ndi zisankho la NICE limatchulidwa Nayisi, ngati mawu otanthauza chabwino, ndipo sukulu ya ukachenjede ya ku Thyolo ya MUST imamveka ngati mawu otanthauza chinthu choyenera kuchitika basi.

Ndiye pali zina zomwe chifukwa chake ndi chizolowezi chabe. VIP ikanatheka bwinobwino kukhala vipu, monga PIN inakhalira pini, koma palibe amatero. Sukulu za LEA palibe amaziti za Leya. Pa nkhani ya feteleza wotsika mtengo, ndondomeko ya FISP alimi ankaitcha Fisipi, koma italowedwa m'malo ndi AIP mu 2020 aliyense anayamba kunena kuti eyi-ayi-pi, ngakhale kuti Aipi sikanavuta pa lilime la Mchewa. Msonkho wa VAT ena amauti vati, ena vi-eyi-ti, ndipo onse amamvana. Zomwe zimachitika n'zakuti katchulidwe komwe kamveka koyamba kwa nduna, kwa aphunzitsi kapena pa wailesi ndiko kamamera mizu, ndipo kakamera n'kovuta kukazula.

Awiri omwe amaonetsa zonsezi pamodzi ndi maina omwe tawamva limodzi kwa zaka pafupifupi makumi anayi, mpaka ena amayesa ndi dzina limodzi: HIV ndi AIDS. Dzina la AIDS linakhazikika ku Amereka mu 1982, ndipo ku Malawi munthu woyamba anapezeka ndi matendawa mu 1985. Kuchokera pachiyambi azungu ankalitchula ngati mawu, eyidz. Litafika kuno linapeza mwayi womwe zidule zambiri sizipeza. D ndi S akumapetowo akamatchulidwa pamodzi amamveka ngati dz, ndipo dz ndi wathuwathu, ali mu dzina, dzuwa, madzi ndi mudzi. Chinangotsala ndi kutsekera ndi i. Panabadwa Edzi, ndipo inakhala mawu a Chichewa mwathunthu: imalembedwa m'Chichewa, ndi malembo aang'ono, m'mabuku a sukulu ndi pa zikwangwani za chipatala, ndipo ili ndi agwirizanitsi ake, monga timanenera kuti Edzi ilipo, Edzi yatenga abale athu. Kungowoloka malire kupita ku Tete kapena ku Angonia, matenda omwewa amatchedwa SIDA, chifukwa m'Chipwitikizi mawu a dzinalo amatsatana mwa njira ina. Nayonso imatchulidwa ngati mawu, Sida.

HIV sinayende ulendo umenewu. Maumbidwe ake ndi ofanana ndi a SIM ndi PIN, lembo la liwu pakati, moti hivi ikanatheka. Koma dzinali linabadwira m'nyumba ina. Linaperekedwa mu 1986 ndi komiti ya akatswiri oona za maina a tizilombo ta mtundu wa mavairasi, pofuna kuthetsa mkangano wa maina awiri omwe analipo kale, LAV la ofufuza a ku France ndi HTLV-III la a ku Amereka. Pakati pa madokotala, zidule za tizilombo totere, monga HPV ndi HBV, zimawerengedwa lembo ndi lembo, ndipo HIV inangolowa mu mzere womwewo. Dziko lonse linamva dzinali kuchokera kwa madokotalawo, ndiye linatengera momwemo. Ine ndimaona kuti kusiyanaku kuli ndi zotsatira zake pa momwe timayankhulira. Chifukwa echi-ayi-vi sinakhale mawu athu, pakamwa panafuna china choti chigwire, ndipo chinapezeka ndi kachilombo. Munthu akanena kuti anamupeza ndi kachilombo, palibe amafunsa kuti kachilombo kanji. Inishiyalizimu ikakana kusungunuka m'chiyankhulo, kawirikawiri anthu amaipezera dzina lina la pambali.

Chitsanzo cha Wenela chili ndi mnzake wa m'maofesi. Bungwe la maiko a kum'mwera kwa Afrika linayamba mu 1980 ku Lusaka ngati SADCC, Malawi ali m'gulu la maiko asanu ndi anayi oyambitsa, ndipo mu 1992 ku Windhoek linasintha n'kukhala SADC. Pakati pa D ndi C palibe lembo la liwu, koma atsogoleri ndi atolankhani omwe amaikapo lawo, ena n'kumati Sadiki, ena Sadaki. Lembo lomwe silinalembedwe limamveka, chifukwa dzina lotchulidwa kawirikawiri limakokedwa kuti lifupike. Mu CHAM, bungwe la zipatala za mipingo, mumachitika zina: C ndi H anachokera ku mawu awiri osiyana, Christian ndi Health, koma atakhala moyandikana diso linawaona ngati ch wa mu chala, ndipo dzinalo linakhala Chamu.

Akironimu ikakhazikika imatha kudziimira payokha mpaka kuiwala makolo ake. UNICEF inakhazikitsidwa mu 1946 kuthandiza ana omwe anavutika ndi nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Mu 1953 dzina lake lonse linafupikitsidwa, mawu omwe I ndi E ankaimira anachotsedwa, koma chidulecho sichinasinthe, chifukwa popanda malembo awiriwo pakanatsala UNCF yosatchulika. Ku South Africa kampani ya magetsi inali ndi zidule ziwiri, ESCOM m'Chingerezi ndi EVKOM m'Chiafrikaansi, ndipo mu 1987 anaziphatikiza n'kupanga Eskom, dzina lomwe malembo ake sakuimiranso mawu alionse. Chipangizo choonera ndege zili kutali chomwe timachiti rada chinayamba ngati chidule cha asilikali a pamadzi a ku Amereka mu 1940, ndipo lero ndi ochepa amakumbukira zimenezo.

M'nyengo ya nkhondo imeneyo ndi momwe kapangidwe ka maina kotere kanafalikira kwambiri m'Chingerezi, ndipo dzina loti akironimu lomwe linayamba kumveka m'chiyankhulocho cha m'ma 1940. Kudziwa zimenezi kumathandiza kuweruza nthano ina yomwe imakambidwa kwambiri kuno kwathu, yakuti mawu oti boma ndi chidule cha British Overseas Military Administration. Nthanoyi imakoma kuimva, koma si yoona. Boma ndi mawu akale a Chiswahili ndi ziyankhulo zina za kum'mawa kwa Afrika, otanthauza mpanda kapena linga, ndipo analipo atsamunda asanamange maofesi awo. Maofesi oyamba a atsamundawo ankazunguliridwa ndi mpanda, ndiye dzina la mpandalo linasamukira kwa okhala mkatimo. Mawu a Chingerezi aja anachita kusakidwa pambuyo pake kuti agwirizane ndi malembo anayiwo. Mukamva wina akunena kuti mawu akalekale a tsiku ndi tsiku anali chidule, muyambe mwakayika.

Kusiyana kwa mitundu iwiriyi kumaonekanso m'manyuzipepala, kwa yemwe ali ndi diso. The Nation ndi The Daily Times kawirikawiri amalemba Escom, Admarc, Maneb ndi Macra, lembo loyamba lokha lalikulu, koma MBC, MRA ndi ACB amazisiya ndi malembo akuluakulu onse. Ndi kalembedwe komwe manyuzipepala ambiri a ku Britain amatsatanso, ndipo ndimakakonda chifukwa kamauza wowerenga momwe atchulire dzina lomwe sanalimvepo. Mabungwe eni ake nthawi zambiri amalemba maina awo ndi malembo akuluakulu okhaokha pa zikalata, ndiye pamenepo palibe chokuthandiza koma kumvetsera kwa ogwira ntchito kumeneko. Chomwe kalembedwe sikangathetse ndi kugundana kwa maina. PAC, yomwe tonse timaiti Paki, ikhoza kukhala Public Affairs Committee, bungwe la zipembedzo lomwe linabadwa mu 1992, koma ku Nyumba ya Malamulo kulinso makomiti awiri a chidule chomwecho, ina yoona momwe ndalama za boma zagwirira ntchito, ina yovomereza anthu osankhidwa pa maudindo. Wowerenga nkhani akangoti Paki yakana, omvera atatu akhoza kumva zinthu zitatu. Apa mankhwala ake ndi kutchula dzina lonse, kapena ntchito ya bungwelo m'Chichewa, koyambirira kwa nkhaniyo.

Pomwe malire a akironimu ndi inishiyalizimu amafufutika ndi m'kamwa mwa ife eni. Maina a malembo omwe timagwiritsa ntchito ndi a Chingerezi, ndipo ambiri mwa iwo, monga bi, si, di, pi, ti ndi vi, ndi maphatikizo abwinobwino a Chichewa. Akatsatana awiri kapena atatu, khutu limangomva mawu amodzi. TV ndi tivi, DC ndi bwana Disi, TB ndi tibi, ndipo zonsezi zimalandira ma- wochulukitsira monga maina ena onse obwereka, mpaka timamva za matiyeyi ndi maemupi omwe anabwera ku maliro a mfumu. Kwa katswiri wa Chingerezi izi zikadali mainishiyalizimu, chifukwa lembo lililonse likumveka ndi dzina lake. Kwa gogo yemwe sanawaonepo malembowo pa pepala, tibi ndi dzina la chifuwa chachikulu monga malungo alili dzina la matenda ena. Masitolo a People's Trading Centre anali m'gulu limeneli. Chidule chake, PTC, chilibe lembo la liwu ngakhale limodzi, koma pi, ti ndi si zitalumikizana zinabala Pitisi, ndipo zikwangwani zitasintha n'kumalembedwa Peoples, makolo ankatumabe ana kukagula buledi ndi shuga ku Pitisi.